Phazi Liponde Pansi: Mmene Opanga Magemu Amaimitsira Chidole pa Miyala ndi pa Chitunda

Munthu akamasewera gemu pa foni kapena pa kompyuta, maso amathamangira ku nkhope, ku mpira kapena kwa mdani amene akubwera. Tsiku lina mudzayang'ane pansi. Mudzayendetse munthu wa m'gemuyo mpaka pa masitepe kapena m'mbali mwa chitunda, mudzamusiye ataima, kenako mudzaone mapazi ake. M'magemu ena mudzapeza phazi limodzi litamira m'nthaka mpaka m'kakolo, linzake lili lende m'malere. M'magemu ena mudzapeza bondo limodzi litapindika, chiuno chitatsika pang'ono, mapazi onse awiri atagwira pansi bwinobwino. Gemu ya ku Japan yotchedwa Shadow of the Colossus, imene inatuluka mu 2005 pa PlayStation 2 motsogozedwa ndi Fumito Ueda, imakumbukiridwa mwa zina chifukwa cha zimenezi: mnyamata, hatchi yake ndi zimphona zomwe, onse ankaponda nthaka molingana ndi mmene nthakayo ilili.

Luso limene limachititsa zimenezi limatchedwa invesi kainematikisi, ndipo m'mapulogalamu opangira magemu mumalipeza litangolembedwa `IK`. Ambiri amene akuyamba kumene amaganiza kuti akangoliyatsa, mapazi akhazikika okha. Sizitero. `IK` imadziwa chinthu chimodzi chokha, kupinda mwendo kuti phazi lifike pamene mwailozera. Koma kuti phazilo likhale pati, lifikepo liti, lichokepo liti, ndiponso chiuno chichite chiyani pa nthawiyo, zonsezo ndi mutu wa wopanga gemu. Ntchito yaikulu ili pamenepo.

Vuto limayambira pa nthaka yosalala

Munthu wa m'gemu, amene tizimutchula kuti chidole, ali ndi mafupa m'kati mwake. Si mafupa ooneka ayi, ndi timizere tolumikizana, ndipo khungu ndi zovala zimatsatira timizereto. Mwendo uli ndi mafupa atatu otikhudza: la ntchafu, la msongolo ndi la phazi. Wopanga animeshoni akamakonza kayendedwe, kapena akamajambula kayendedwe ka munthu weniweni wovala zizindikiro m'thupi, zonse zimachitikira pa malo athyathyathya. Chimene chimasungidwa ndi kapindikidwe ka mfundo iliyonse pa mphindi iliyonse: ntchafu yapendeka madigiri akuti, bondo lapinda madigiri akuti. Kompyuta imayambira m'chiuno n'kumatsika fupa ndi fupa, ndipo phazi limangopezeka pamene masamuwo alifikitsa. Palibe pamene yafunsa kuti nthaka ili pati.

Chinanso n'chakuti gemu siidziwa kuti chidole chili ndi miyendo iwiri. Pofuna kudziwa ngati chagunda khoma kapena chaima pansi, injini ya gemu imachikuta ndi chinthu chosaoneka chooneka ngati kapisozi wa mankhwala woimika chilili, ndipo dzina lake ndi lomwelo. Kapisoziyu amakhudza nthaka pa malo amodzi, pakati pa miyendo. Malo amenewo ndiwo animeshoni imawatenga ngati pansi. Nthaka ikakwera kudzanja lamanja n'kutsika kudzanja lamanzere, animeshoni sizikuikhudza, ikupitiriza kuyendetsa mapazi pa malo osalala amene kulibe.

Invesi kainematikisi imatembenuza funsolo. M'malo moti "mfundo zapinda chonchi, phazi lili kuti?" imafunsa kuti "phazi likufunika apa, mfundo zipinde bwanji?" Thupi lanu limayankha funso limeneli nthawi iliyonse mukamakwera sitepe: mumangoona poponda, bondo limadzipindira lokha.

Chidole chathu ndi mwala wake

Tiyeni titenge chidole chimodzi tikhale nacho mpaka kumapeto. Fupa lake la ntchafu ndi lotalika masentimita 45, la msongolo masentimita 42, ndiye mwendo ukawongoka kwathunthu umafika masentimita 87. Kakolo ali masentimita 9 pamwamba pa chidendene cha nsapato. Chikaima mwa nthawi zonse, mfundo ya m'chiuno imakhala masentimita 94 kuchokera pansi, kutanthauza kuti kuchokera m'chiuno kufika pa kakolo pali masentimita 85. Bondo silinawongoke kotheratu, lapinda pang'ono, ngati mmene munthu womasuka amaimira.

Tsopano wosewera wachiimitsa poipa. Phazi lamanja lili pa mwala, lamanzere lili pa kachigwa.

Choyamba ndi kuyeza nthaka. Pa phazi lililonse timatsitsa mzere wosaoneka wolunjika pansi, ngati chingwe chokhala ndi chitsulo kunsonga chimene mmisiri amatsitsa poona ngati khoma lawongoka. Mu Unity lamulo lake ndi `Physics.Raycast`, mu Unreal amati `Line Trace`. Mzerewu ukagunda chinthu umabweza zinthu ziwiri: malo amene wagunda, ndi mbali imene nthaka ya pamenepo yayang'ana. Usayambire pa phazi penipeni, chifukwa phazilo likhoza kukhala litamira kale m'mwala, ndipo mzere woyambira m'kati mwa mwala suuona mwalawo. Uyambire chapamwamba, cha m'bondo, tinene masentimita 50 pamwamba pa tsinde la kapisozi, ndipo utsike mita imodzi. Ukayambira pamwamba kwambiri, chidole chikadutsa pansi pa tebulo kapena pafupi ndi benchi mzere ugunda pamwamba pa benchiyo, phazi n'kulumphira m'mwamba.

Mizere yathu yabweza yankho: pansi pa phazi lamanja nthaka yakwera ndi masentimita 10 poyerekeza ndi tsinde la kapisozi, pansi pa lamanzere yatsika ndi masentimita 8.

Apa pali msampha umene umakola pafupifupi aliyense. Maganizo oyamba amati tingotenga phazi tilikhomere pamene mzere wagunda. Chidole chikaima zimaoneka bwino, koma chikangoyamba kuyenda chimakhwekhwereza mapazi pansi osawanyamula, chifukwa mwalanda animeshoni mphamvu yokweza phazi. Choyenera ndi kuwonjezera kusiyana kokhako. Ngati animeshoni yakweza phazi masentimita 15 pakati pa sitepe ndipo nthaka yakwera masentimita 10, phazi likhale pa masentimita 25. Likamatera, animeshoni imalibweza pa ziro, ndipo limatera pamwamba pa mwala ndendende. Mu Unity, pa mwendo umodzi, zimalembedwa motere:

```csharp
void OnAnimatorIK(int layerIndex) {
    Vector3 phazi = anim.GetIKPosition(AvatarIKGoal.LeftFoot);
    float tsinde = transform.position.y;
    Vector3 poyambira = new Vector3(phazi.x, tsinde + 0.5f, phazi.z);
    if (Physics.Raycast(poyambira, Vector3.down, out RaycastHit hit, 1f, nthaka)) {
        float kusiyana = hit.point.y - tsinde;
        anim.SetIKPositionWeight(AvatarIKGoal.LeftFoot, 1f);
        anim.SetIKPosition(AvatarIKGoal.LeftFoot, phazi + Vector3.up * kusiyana);
    }
}
```

Izi zimagwira ntchito pokhapokha mafupa a chidole atakhazikitsidwa ngati `Humanoid` ndiponso mutachonga kabokosi ka `IK Pass` pa gawo la animeshoni. Mukaiwala kuchonga, injini siidandaula, imangodutsa malamulowo osawawerenga, ndipo munthu akhoza kutaya usiku wonse akufufuza cholakwika m'masamu amene alibe vuto. Liwu loti `nthaka` m'malamulowo ndi sefa youza mzere zinthu zimene uyenera kuziona. Popanda sefayi, mzere umatha kugunda mbali zina za chidole chomwecho, monga chishango kapena chikwama chimene chanyamula, ndipo phazi limayesa kudziponda lokha.

Chiuno chitsike kaye

Tibwerere ku manambala. Phazi lamanzere liyenera kutsika masentimita 8. Kuchokera m'chiuno kufika pa kakolo panali 85, tsopano pakufunika 93. Mwendo wonse ndi 87. Ngakhale `IK` itawongola bondo mpaka kuuma, phazi litsala lende masentimita 6 pamwamba pa nthaka. Masamu a mwendo sangathetse vuto limeneli, chifukwa vutolo silili m'mwendo.

Yesani nokha pa khonde. Imani ndi phazi limodzi pa sitepe, linalo mulitsitse pansi. Mwendo wotsikawo sutalika, thupi lonse ndi limene limatsika, ndipo bondo la mwendo wa pamwamba limapinda kuti lipereke mpata. Lamulo la m'gemu ndi lomweli: musanakhudze miyendo, tsitsani chiuno molingana ndi phazi limene lili pansi kwambiri. Kwa ife ndi masentimita 8. Mu Unity chimene mumasuntha ndi `anim.bodyPosition`, mu Unreal mumasuntha fupa la chiuno lenilenilo musanafike pa `Two Bone IK`.

Chiuno chikatsika, mwendo wamanzere wabwerera pa masentimita 85 ake aja, ndipo ukuoneka monga wopanga animeshoni anaukonzera. Mtolo wonse wagwera wamanja. Chiuno chautsikira ndi 8, mwala waukwerera ndi 10, ndiye pa 85 patsala 67. Kupindika kumeneku mwendo umakukwanitsa mosavuta. N'chifukwa chake timatsatira phazi la pansi osati la pamwamba: mwendo ukhoza kufupika kwambiri, koma kutalika uli ndi malire.

Kutsika kwa chiunoku nakonso kuikiridwe malire. Chidole chikaima m'mphepete mwa phompho, phazi limodzi lili kunja, mzere wa phazi limenelo sugunda kanthu, kapena ugunda pansi patali. Mukalola chiuno kutsatira, chidole chinyonyomala modabwitsa m'mphepete mwa denga lililonse. Ine ndimaona kuti masentimita 30 mpaka 40 ndi okwanira kwa chidole cha msinkhu uwu. Nthaka ikapitirira pamenepo, phazilo lisiyeni m'manja mwa animeshoni.

Masamu a bondo

Tili ndi mbali zitatu zodziwika: ntchafu 45, msongolo 42, ndi mtunda wa m'chiuno kufika pa kakolo, 67. Mbali zitatu zimapanga chinthu cha ngodya zitatu, ndipo amene anafika ku sekondale akukumbukira lamulo la kosaini, limene limapereka ngodya ngati mbali zonse zikudziwika:

```
cos(bondo) = (a² + b² - d²) / (2ab)
```

Apa `a` ndi ntchafu, `b` ndi msongolo, `d` ndi mtunda uja. Tikaikamo manambala, pamwamba pakhala 2025 kuphatikiza 1764 kuchotsa 4489, zimene zikupereka -700. Pansi pakhala 3780. Yankho ndi -0.185, ndipo ngodya yake ndi madigiri pafupifupi 101. Bondo lamanja, limene linali pa madigiri 155 chidole chitaima posalala, tsopano latsala pang'ono kufika pa ngodya ya munthu wokhala pa mpando. Lamulo lomwelo likagwiritsidwa ntchito pa mfundo ya m'chiuno, limati ntchafu ipatuke madigiri 38 kuchoka pa mzere wolunjika ku kakolo, pamene poyamba inapatuka 12 okha.

`IK` ya mwendo ndi imeneyi basi. Pali njira zina zotchuka, monga `CCD` ndi `FABRIK`, imene Andreas Aristidou ndi Joan Lasenby a ku yunivesite ya Cambridge anaifalitsa mu 2011. Zimenezo zimayandikira yankho pang'onopang'ono pobwerezabwereza, ndipo n'zothandiza pa mchira, pa msana kapena pa chitamba cha njovu, pamene mafupa ndi ambiri. Pa mafupa awiri n'kuvutika chabe, popeza kosaini amapereka yankho lenileni kamodzi n'kamodzi.

Koma yankho la kosaini lili ndi mpata umodzi. Likunena kuti bondo lipinde madigiri 101, silikunena kuti liloze kuti. Gwirani chiuno ndi phazi zisasunthe, muona kuti bondo mukhoza kulipititsa m'kati kapena kunja. Kwa kompyuta likhoza kuzungulira mpaka kumbuyo. Choncho pamafunika kadontho kena kosaoneka kutsogolo kwa bondo, koliuza koloza. Blender imakatchula `Pole Target`, Unreal `Joint Target`, ndipo mu Unity mumakaika ndi `SetIKHintPosition`. Kadonthoka kaziyenda ndi chidole, ndipo ndi bwino kukatenga pa mbali imene bondo la m'animeshoni likuloza kale, n'kukakankhira kutsogolo theka la mita. Mukakaika pafupi kwambiri, tsiku lina bondo lopinda kwambiri lidzakapitirira, ndipo mwendo udzathyokera kumbuyo m'kuphethira kwa diso.

Sentimita yomaliza

Pali chilema chimene mungachizindikire ngakhale simunapangepo gemu: chidole chikamatsika chitunda, bondo limachita ngati likuthethetsa, kuwongoka mwadzidzidzi n'kupindanso. Gwero lake lili m'masamu omwe aja, ndipo n'lokoma kuliona ndi manambala.

Mwendo ukakhala wopinda kwambiri, sentimita imodzi sisintha zambiri. Kuchoka pa 67 kufika pa 68, bondo limatseguka madigiri awiri okha. Kuchoka pa 85 kufika pa 86, limatseguka madigiri 7, kuchoka pa 155 kufika cha pa 163. Koma kuchoka pa 86 kufika pa 87, limalumpha madigiri 17 mpaka kuwongokeratu pa 180. Gemu imene imajambula zithunzi 60 pa sekondi ikhoza kusuntha phazi sentimita imodzi pakati pa chithunzi ndi chinzake, ndiye diso limaona bondo likudumpha madigiri 17 nthawi imodzi.

Ndipo `d` ikapitirira 87, zinthu zimaipiratu. Pa 93 uja, masamu amapereka -1.29, pamene palibe ngodya imene kosaini wake amatsika kupitirira -1. Kompyuta imabweza `NaN`, kutanthauza kuti chimene chatuluka si nambala, ndipo mwa amene analemba okha masamuwa mwendo umatha kuzimiririka pa sikirini kapena kutambasuka mpaka kumapeto kwa dziko la gemu. Mankhwala a mavuto onse awiri ndi amodzi: musalole `d` kufika pa utali wonse wa mwendo. Mukaiimitsa pa 99 peresenti, kwa ife ndi masentimita 86.1, bondo silipitirira madigiri 164. Ena amachita zoposa pamenepo, amayamba kuchepetsa liwiro la kuwongokako mwendo ukadali patali ndi malirewo, kuti ufikepo mofewa. Phazi limatsala mamilimita ochepa osafika pansi, koma zimenezo palibe amene amaziona, pamene bondo lothethetsa aliyense amaliona.

Kupendeketsa phazi

Kakolo wafika pamalo pake, koma phazi likadali chathyathyathya monga linalili pa nthaka yosalala. Tinene kuti chidole chikukwera chitunda cha madigiri 20, ndipo nsonga ya nsapato ili masentimita 20 kutsogolo kwa kakolo. Pa mtunda umenewo nthaka yakwera masentimita 7, ndiye zala zonse zamira. Apa m'pamene timagwiritsa ntchito chinthu chachiwiri chimene mzere unabweza, mbali imene nthaka yayang'ana, chimene m'malamulo aja chikanalembedwa `hit.normal`. Timayeza kusiyana kwa mbali imeneyo ndi kumwamba kwenikweni, n'kupendeketsa phazi ndi kusiyana komweko, kuwonjezera pa kapendekedwe ka m'animeshoni osati kukafufuta.

Kakolo wa munthu sapinda mopanda malire, ndiye wa chidole asatero. Madigiri 30 chakutsogolo ndi chakumbuyo, ndi ocheperapo cham'mbali, ndi poyambira pabwino. Popanda malire, mzere ukagunda m'mbali mwa kamwala kozungulira, phazi limaimirira ngati lathyoka.

Pa masitepe mzere umodzi sukwanira. Kakolo akakhala m'mphepete mwa sitepe, kusuntha pang'ono chabe kumachititsa mzere kugunda sitepe ya pamwamba pa chithunzi ichi, ya pansi pa chithunzi chotsatira, ndipo phazi limanjenjemera pakati pa ziwirizo. Njira yabwino ndi mizere iwiri, wina pa chidendene wina pa zala, n'kutenga umene wagunda pamwamba. Ena amatsitsa kampira kosaoneka m'malo mwa mzere, `SphereCast`, kamene sikagwera m'timing'alu. Dziwaninso kuti m'magemu ambiri masitepe amene mukuwaona si amene kapisozi amayendapo. Iye amamuikira malo otsetsereka osaoneka pamwamba pa masitepewo kuti kamera isagwedezeke. Mizere ya mapazi ikagunda malo otsetserekawo, chidole chimaponda mpweya pakati pa masitepe ndi phazi lopendekeka. Mapazi amafunika sefa yawoyawo, yoona masitepe enieni.

Kukhomera phazi pamalo amodzi

Zonse takambazi zikukhudza kukwera ndi kutsika. Phazi likhoza kukhala pa nthaka bwinobwino koma n'kumaterereka, ndipo m'maso mwa ambiri chilema chimenechi n'choipa kuposa kumira.

Gwero lake kawirikawiri ndi liwiro. Tinene kuti animeshoni inapangidwira munthu woyenda mamita 1.4 pa sekondi, koma wopanga gemu waona kuti n'zochedwa, wakweza liwiro la kapisozi kufika pa 1.8. Munthu akamayenda, phazi lililonse limakhala pansi nthawi yoposa theka la kayendedwe konse, tinene masekondi 0.6. Pa nthawi imeneyo animeshoni ikukankhira phazi kumbuyo pa liwiro la 1.4 pamene thupi likupita kutsogolo pa 1.8. Kusiyana kwa 0.4 kuchulukitsa ndi 0.6 ndi masentimita 24 a kuterereka pa sitepe iliyonse.

Masentimita 24 musawasiyire `IK`. Mukakhomera phazi pansi thupi n'kumalithawa chotero, mwendo ufika pa malire ake sitepe isanathe. Konzani liwiro poyamba: thamangitsani animeshoni mowirikiza 1.8 kugawa ndi 1.4, pafupifupi 1.29, kapena talikitsani sitepe, kapena lolani animeshoni yomweyo kuyendetsa kapisozi, chimene mu Unity ndi kabokosi ka `Apply Root Motion`. Zotsala zazing'ono, zobwera chidole chikamakhota kapena animeshoni ina ikamalowa m'malo mwa inzake, ndizo kukhomera kumazichotsa.

Kuti mukhomere muyenera kudziwa nthawi imene phazi lili pansi. Njira yodalirika ndi kulemba m'animeshoni momwemo nambala yoyenda pakati pa 0 ndi 1 pa phazi lililonse: 1 likaponda, 0 likanyamuka, ndi kutsetsereka kwakufupi pakati pake. Mu Unity zimenezi zili pa gawo la `Curves` la animeshoni iliyonse. N'zotheka kuti pulogalamu iziyerekeza yokha, poona ngati phazi lili pafupi ndi pansi ndiponso silikuthamanga, koma imasokonezeka pa kuvina, pa kutsimphina ndi pa kayendedwe kokoka mapazi. Kulemba ndi manja n'kotopetsa pa animeshoni zambiri, komabe mumatopa kamodzi.

Nambala ija ikakwera, sungani malo amene phazi lili pa mphindi imeneyo, ndipo pa zithunzi zotsatira perekani malo osungidwawo kwa `IK` m'malo mwa a m'animeshoni. Ikatsika, masulani. Pafunikanso njira yomasulira mwadzidzidzi. Wosewera akatembenuza chidole chili chiimire, thupi limazungulira mapazi atakhomeredwa, ndipo miyendo imapotana. Choncho ikani lamulo loti phazi lokhomeredwa likatalikirana ndi la m'animeshoni kupitirira masentimita 20, kapena mwendo ukayandikira 99 peresenti ija, phazi limasuke lipite pamalo atsopano, makamaka litakwezedwa pang'ono kuti lioneke ngati kasitepe osati kukokedwa.

Malo osungidwawo asungidwe poyerekeza ndi chinthu chimene phazi lapondapo. Chidole chikaima m'boti kapena pa lole yoyenda inu mutasunga malo poyerekeza ndi dziko, boti lipita, thupi lipita nalo, phazi litsala pa doko.

Kufewetsa, ndi kupeza cholakwika

Palibe nambala mwa zonsezi imene iyenera kusintha mwadzidzidzi. Mzere ukachoka pa dothi n'kugunda mwala, kusiyana kumalumpha kuchoka pa 0 kufika pa 10 nthawi imodzi, ndipo phazi ndi chiuno zikatsatira choncho chidole chimadzidzimuka. Pa chithunzi chilichonse muziyenda gawo chabe la mtunda wotsala, ndipo gawolo liwerengedwe motere:

```
gawo = 1 - exp(-k * dt)
```

`dt` ndi nthawi imene yadutsa kuchokera pa chithunzi chapita. `k` akakhala 12, pa zithunzi 60 pa sekondi gawolo ndi 18 peresenti, ndipo m'kota ya sekondi 95 peresenti ya mtunda imakhala yatha. Ubwino wa kawerengedwe aka ndi woti sikasintha ndi mphamvu ya makina. Amene amangolemba kuti "yenda 18 peresenti pa chithunzi chilichonse" amapeza kuti pa foni yofooka, yojambula zithunzi 30, mapazi akuchedwa kawiri. Chiuno chipatseni `k` wocheperapo kuposa wa mapazi, chifukwa diso limayembekeza kuti thupi ndi lolemera. Koma mukachepetsa kwambiri, potsika masitepe chiuno chimachedwa, miyendo imawongoka kudikira, ndipo kuthethetsa kwa bondo kumabwerera.

Zikasokonekera, musayambe ndi kusintha manambala mwachisawawa. Uzani injini ijambule mizere ija pa sikirini, mu Unity ndi `Debug.DrawRay`, ndipo muike kadontho pamene pagundidwa ndi kena pamene mwalozera phazi. Nthawi zambiri muona nokha kuti `IK` ikumvera bwinobwino, koma mwailozera polakwika. Phazi likamanjenjemera chidole chitangoima, onani kumene mzere ukuyambira: ngati ukuyambira pa phazi limene `IK` yasuntha kale pa chithunzi chapita, ndiye kuti yankho la poyamba likusintha funso lotsatira, ndipo ziwirizo zizithamangitsana mpaka kalekale. Uyambire pa phazi la m'animeshoni. Mapazi onse akamira masentimita 9 paliponse, mwaika kakolo pa nthaka m'malo mwa chidendene. Chidole chikadumpha miyendo n'kumakokekera pansi, mwaiwala kuzimitsa zonsezi kapisozi akachoka pa nthaka.

Wopanga makatuni mu Blender, pulogalamu imene ndi yaulere, amakumana ndi zomwezi koma mwa mtundu wina. Amaika `Inverse Kinematics` pa fupa la msongolo, `Chain Length` n'kuiika pa 2 kuti isakoke msana wonse, n'kupanga fupa lapadera lolamulira phazi, losalumikizidwa ku chiuno. Popeza nthaka ya m'katuni imadziwika kale, akhoza kuika phazi ndi manja sitepe iliyonse. Wa gemu alibe mwayi umenewo, pakuti sadziwa kumene wosewera apite.

Ndipo pali pamene njira yonseyi imalekezera. Imakonza mwendo sitepe itaponyedwa kale, siisankha poponda. Chidole chimaika phazi m'mphepete mwa mwala wakuthwa pamene munthu akanatalikitsa sitepe kuti aponde pakati. Sichifupikitsa masitepe pokwera phiri, sichiweramira kutsogolo, sichitambasula manja potsika poterera. Pa chitunda cha madigiri 10 kapena 20 zimenezi sizioneka kwenikweni. Chikafika cha m'ma 35, mapazi amakhala pa nthaka molondola koma thupi likuyendabe ngati lili pa bwalo la mpira, ndipo pamenepo pamafunika animeshoni zina zopangidwira kukwera ndi kutsika, `IK` n'kumangomalizitsa masentimita otsala. Magemu akuluakulu amawonjezera kulosera: phazi likangonyamuka, pulogalamu imawerengera pamene lidzatere potengera liwiro la chidole, imatsitsa mzere pamalo amenewo pasadakhale, n'kukonza njira yonse ya phazi m'malere kuti lidutse pamwamba pa mwala m'malo molowa m'kati mwake. Wosewera akakhota phazi lili m'malere, malo oterawo amawerengedwanso.